Mwana akati memo ndi yolakwika: mmene mungatsimikizire ndi kufunsira kwa aphunzitsi

Teremu iliyonse mapepala a mayeso akangobwezedwa, foni yanga imadzaza ndi zithunzi. Kholo lajambula pepala la mwana, cholembera chofiira chathetha yankho, ndipo pansi pali uthenga womwewomwewo: "Aphunzitsi, tationerani, mwanayu akuti anakhoza koma amulakwitsa." Ine Loweruka lililonse ndimathandiza ana a kwathu masamu kuno ku Rosettenville, makamaka Mathematical Literacy ya giredi 10 mpaka 12, ndipo funso limeneli ndaliyankha kambirimbiri. Ndaganiza zolemba kamodzi kuti amene akulifuna aziwerenga yekha.

Kwa amene mwangofika kumene ku Joni, memo ndi pepala la mayankho limene mphunzitsi amayang'anapo pochonga. Silingokhala ndi yankho lomaliza lokha, limasonyezanso njira ndi pamene malikisi aliwonse akuperekedwa. Limalembedwa ndi munthu, nthawi zina usiku atatopa, nthawi zina potengera pepala la chaka chatha, choncho likhoza kulakwika. Koma ndinene poyera kuti mwa mapepala amene amandipeza, ambiri wolakwa amakhala mwana. N'chifukwa chake ntchito yaikulu ili pa kufufuza musanatsegule pakamwa.

Ndigwiritsa ntchito nkhani ya mtsikana wina wa giredi 11 amene mayi ake amagwira ntchito ya m'nyumba ku Sandton. Mayeso anali a malikisi 50. Funso 2.1 linkanena kuti ketulo ikugulitsidwa R460,00 "including VAT", ndipo linkafuna kuti mwana apeze VAT imene ili mu mtengowo, pa 15%. Funso 2.2 linkafuna mtengo wa ketuloyo popanda VAT. Mtsikanayo analemba R60,00 ndi R400,00. Memo inali ndi R69,00 ndi R391,00. Anamuthethera zonse ziwiri, malikisi 5 n'kupita.

1. Ikani zinthu zitatu patebulo

Mufunika pepala la mafunso, pepala limene mwana analembapo, ndi memo kapena zokonza zimene ana anakopera pabolodi. Chithunzi cha yankho lokha sichithandiza. Makolo ambiri amanditumizira kachidutswa kosonyeza mtanda wofiira basi, funso osaoneka, ndipo ine ndimalephera ngakhale poyambira.

Kenako onani ngati memo ndi yake ya pepalalo. Yang'anani pamwamba: phunziro, giredi, chaka, mwezi, ndiponso ngati ndi pepala loyamba kapena lachiwiri. Ana okonzekera matiriki, mayeso omaliza a giredi 12, amakonda kukoka mapepala akale pa intaneti, ndipo n'kwapafupi kutenga mafunso a Novembala n'kuwaphatikiza ndi memo ya mayeso a pakati pa chaka. Mapepala akale a matiriki ndi mamemo ake muziwatenga pa tsamba la Department of Basic Education, osati amene azungulira m'magulu a WhatsApp mpaka mutu wake unadulidwa. Ngati mwana anakopera yankho pabolodi, afanizire ndi kope la mnzake, chifukwa 60 ndi 69 zikalembedwa ndi choko mothamanga zimafanana.

2. Vundikirani memo, muyankhe nokha

Diso likangoona 69, mutu umayamba kufunafuna njira yofikira pa 69. Choncho tembenuzani memo, tembenuzaninso pepala la mwana, tengani pepala loyera. Werengani funso mokweza kawiri, n'kudula mzere kunsi kwa mawu amene akusintha tanthauzo. M'masamu a ndalama mawu ake ndi monga "including" ndi "excluding", "per month" ndi "per annum". Ana athu ambiri amalankhula Chichewa kunyumba, Chizulu pamsewu, Chingerezi m'kalasi, ndipo kaliwu kamodzi kotere kamawadutsa mosavuta.

Pa ketulo ija, mawu akuti mtengo ukuphatikiza kale VAT akutanthauza kuti R460,00 si 100%, ndi 115%: mtengo weniweni wa katundu pamodzi ndi msonkho wake. Kuti mupeze mtengo wopanda msonkho mumagawa ndi 1,15.

```
460 ÷ 1,15 = 400
460 − 400 = 60
```

Musadabwe ndi kakoma kali pakati pa manambala. Kumudzi tinazolowera kulemba kadontho, koma sukulu za kuno zimalemba 1,15 pamene ife tikanalemba 1.15. Ndi nambala yomweyo.

3. Yesani mayankho onse awiri pobwerera m'mbuyo

Apa simufunika kukhala katswiri. Yankho lolondola likabwezeredwa mu funso liyenera kukufikitsani pamene munayambira. Ngati mtengo wopanda VAT ndi R400,00, tiwonjezere 15% tione. Ngati ndi R391,00, tichitenso chimodzimodzi.

```
400 × 1,15 = 460,00
391 × 1,15 = 449,65
```

Yankho la mwana latibwezera pa R460,00 ya mu funso. La memo latisiya pa R449,65, kuperewera R10,35. Mayi a mtsikana uja analekezera sukulu ku pulayimale, koma nditawapatsa kalikuleta kuti adinde okha mizere iwiriyi, anayang'ana kanthawi n'kunena kuti, "Ndiye kuti wa sitolo akanaluza." Anali atamvetsa nkhani yonse.

Mukafuna umboni wa m'manja, tengani lisiti ya m'sitolo ya chinthu chimodzi, monga sopo, muone mmene VAT yalembedwera pansi. Koma musatenge lisiti ya magolosale osakaniza, chifukwa ufa wa chimanga, mpunga, mazira, mkaka ndi buledi wa bulawuni sizikhala ndi VAT, ndiye masamu ake sangagwirizane ndipo mungosokonezeka.

4. Pezani njira imene memo inadutsa

Ili ndiye gawo lovuta, ndipo ndi limene anthu ambiri amalidumpha. Akangoona kuti yankho lawo likutuluka bwino amathamangira kusukulu. Koma kudziwa kuti inu mwakhoza ndi theka chabe. Nambala ili mu memo sinagwe kumwamba. Munthu wina anaipeza podutsa njira inayake, ndipo musanaipeze njirayo simungadziwe ngati iye anasochera kapena anaona chinthu chimene inu simunachione.

Choncho khalani pansi n'kudzifunsa kuti, kodi 69 ingatuluke bwanji mu manambala a mu funsoli? Manambala alipo awiri okha, 460 ndi 15. Yesani kuwachita zinthu zimene munthu wothamanga angachite. Simuchedwa kupeza kuti 460 × 0,15 = 69. Ndiye kuti wolemba memo anatenga 15% ya mtengo umene uli kale ndi msonkho, ngati kuti msonkho sunaikidwemo. Ndipo 460 − 69 = 391, zimene zikusonyeza kuti cholakwika cha funso loyamba chinangotsetserekera mu lachiwiri. Pamenepa muli ndi cholakwika chimodzi osati ziwiri, ndipo mukudziwa pamene chinabadwira.

Tsopano funsani funso limene limapweteka: kodi pali kawerengedwe kena ka funsoli kamene kangachititse 69 kukhala yolondola? Kalipo. Funso likanati R460,00 ndi mtengo "excluding VAT", VAT ikanakhaladi R69,00. Bwererani ku pepala muwerengenso liwulo ndi chala. Ngati lalembedwa "excluding", mwana ndiye walakwa, nkhani yathera pomwepo, ndipo mwapulumuka manyazi. Pa pepala la mtsikana uja linali "including" momveka bwino. Funso lachiwiri nalonso linkachitira umboni, pakuti palibe angafunse mtengo wopanda VAT ngati mtengo woperekedwawo unali kale wopanda VAT.

Nambala yolakwika imasiya mapazi ngati mbewa pa mchenga, ndipo mukazolowera mumayamba kuwazindikira. Memo ikanakhala ndi R56,49, ndikanadziwa kuti ndi yakale, chifukwa VAT ya dziko lino inali 14% mpaka inakwera kufika 15% pa 1 Epulo 2018, ndipo 460 ÷ 1,14 imapereka 403,51. Mabuku ndi mapepala a zaka za m'mbuyomo akadali m'makabati ambiri. Yankho likasiyana ndi lanu ka 10, ka 100 kapena ka 1 000 ndendende, kayikirani kusintha kwa miyeso, monga masentimita kupita ku mamita kapena magalamu kupita ku makilogalamu. Likasiyana ka 12, wina wasokoneza mwezi ndi chaka. Malo a bwalo akakula kanayi, wina watenga mzere wodutsa bwalo lonse m'malo mwa theka lake. Ndipo manambala akakhala omwewo koma atasinthana malo, monga 391 ndi 319, chimenecho ndi chala cha wotayipa.

Nanga mukayesa zonse koma njira ya memo osaipeza? Musanene kuti memo yalakwika. Zikatero mwina manambala a mu funso anasinthidwa memo n'kusiyidwa momwemo, kapena pali mfundo ya m'kalasi imene inu simukuidziwa. Funso lanu kwa aphunzitsi likhale longopempha kuti akuonetseni njira. Zinandichitikirapo: ndinalimbana ndi funso la msonkho wa malipiro usiku wonse, ndili ndi chitsimikizo kuti memo yaphonya, kenako n'kupeza kuti pansi pa tebulo la msonkho panali mzere wa kuchotsera kwa anthu a zaka 65 kupita m'tsogolo, ndipo munthu wa mu funsolo anali wa zaka 67. Memo inali bwinobwino. Mwayi wake ndinali ndisanauze kholo kuti lipite kusukulu.

5. Chotsani zosiyana zimene si zolakwika

Si kusiyana kulikonse kumene kuli nkhani. Funso likati mugwiritse ntchito π = 3,142 koma mwana n'kudinda batani la π, malo a bwalo limene theka la mzere wodutsa pakati pake ndi 10 cm atuluka 314,16 pamene memo ili ndi 314,2. Wolakwa ndi mwana, chifukwa sanatsatire langizo. Masamu akatulutsa zitini 4,2 za penti, memo imalemba 5, pakuti m'sitolo sagulitsa kachidutswa ka chitini ndipo zitini 4 sizimaliza khoma. Kwa ochita Mathematics, onani kakalata kali pamwamba pa kalikuleta. Payenera kuoneka D. Pakaoneka R, sin 30 ikupatsani −0,988 m'malo mwa 0,5, ndipo funso lililonse la makona lioneka ngati memo yapenga.

Phunziraninso zilembo zimene zimalembedwa pambali pa malikisi, tanthauzo lake limakhala pa tsamba loyamba la memo. M ndi malikisi a njira, A ndi a yankho lolondola, ndipo CA amaperekedwa mwana akalakwitsa poyamba koma n'kupitiriza molondola ndi nambala yake yolakwikayo. Izi zili ndi ntchito pa nkhani yathu. Ngakhale 60 ikanakhala yolakwika, mtsikana uja anachotsera bwino 460 − 60 pa funso lachiwiri, ndipo ngati memo ili ndi CA pamenepo anayenera kupatsidwa malikisi ake. Choncho siyanitsani madandaulo awiri: lakuti memo yalakwika, ndi lakuti memo ili bwino koma wochonga sanaitsatire. Lachiwirili limakonzedwa pa pepala la mwana mmodzi. Loyambalo limakhudza kalasi yonse.

6. Patsani munthu wina funso lokha

Mutu umodzi susenza denga. Pezani munthu wodziwa phunzirolo, mumupatse funso popanda kumuuza yankho lililonse kapena mbali imene inu muli. Mukamuuza kuti "taonani mmene amulakwitsira mwana wanga," akuvomerani chifukwa cha ulemu. Onaninso buku limene kalasiyo ikugwiritsa ntchito, mupeze chitsanzo chofanana ndi funsolo, mulembe nambala ya tsamba. Mphunzitsi angakayikire mawu a amalume a mwana, koma buku limene iye mwini amaphunzitsira ndi lovuta kulikana.

7. Kafunsidwe kake

Ife tinakula tikudziwa kuti wamkulu satsutsidwa pagulu, ndipo kwa ambiri a ife palinso mantha ena. Mayi aja anandiuza motsitsa mawu kuti, "Achimwene, ife ndife alendo kuno. Tikayamba kulimbana ndi aphunzitsi, mwanayu samuda?" Mantha amenewa ndimawamvetsa, ndipo sindiwapeputsa. Koma mwana amene anakhoza n'kuuzidwa kuti walakwa amasiya njira yolondola n'kuloweza yolakwika, ndipo adzailemba pa mayeso aakulu pamene memo idzakhale yolondola. Kwa wa giredi 12 palinso china: malikisi a ntchito za kusukulu amapanga 25% ya zotsatira zake za matiriki pa phunziro ngati ili. Kukhala chete kuli ndi mtengo wake.

Woyamba kufunsa akhale mwana mwini, makamaka ngati ali ku sekondale. Asaimike dzanja pakati pa phunziro n'kunena kuti memo yalakwika, chifukwa munthu aliyense akatsutsidwa pamaso pa ana 40 amayamba wadziteteza. Adikire belu, apite ndi pepala limodzi loyera lolembedwa zinthu zitatu: njira yake, kuyesa kobwerera m'mbuyo kwa mayankho onse awiri, ndi njira imene akuganiza kuti memo inadutsa. Pa pepala la mayeso lenilenilo asalembepo kanthu, asafutepo, ngakhale kukonza kakoma. Likangooneka kuti lakhudzidwa pambuyo pochongedwa, nkhani yafa. Lijambuleni musanalibweze kusukulu.

Ngati mwana ndi wamanyazi kapena sanamvedwe, kholo lilembe. Lembani kwa mphunzitsiyo payekha, kudzera njira imene sukulu inapereka, osati pa gulu la makolo la WhatsApp. Pagulu nkhani ya malikisi 5 imasanduka mlandu wa mphunzitsi tsiku lisanathe. Uthenga umene tinakonza ndi mayi aja, mwana n'kuuika m'Chingerezi, unali wotere:

"Aphunzitsi, zikomo chifukwa chotibwezera mapepala. Tikupempha thandizo pa funso 2.1 ndi 2.2. Ife tinamva kuti R460,00 ikuphatikiza kale VAT, ndiye tinagawa ndi 1,15 n'kupeza R400,00, VAT n'kukhala R60,00. Titayesa R391,00 × 1,15 tapeza R449,65, osati R460,00. Tikuona ngati R69,00 ikutuluka pa 15% ya R460,00. Kodi pali pamene sitinamvetse funsoli? Tingathokoze mutationera mukapeza mpata."

Taonani zimene mulibe mu uthengawu. Mulibe mawu akuti mwalakwitsa, mulibe kupempha malikisi, mulibe nkhani ya teremu yatha. Muli nambala ya funso, masamu amene munthu angawayese pa mphindi imodzi, ndi funso lenileni limene likusiya mpata woti mwina olakwa ndife. Mpata umenewo si chinyengo, chifukwa nthawi zina zimakhaladi choncho. Dziwaninso kuti kawirikawiri mphunzitsi wochonga si amene analemba memo. Mayeso ena amakonzedwa ndi mnzake wa giredi yomweyo, ena amachokera ku ofesi ya maphunziro ya dera kapena ya chigawo cha Gauteng. Mukalankhula za memo osati za munthu, mumamupatsa poyambira kuti akafunse kumene inachokera.

Fulumirani. Funsani sabata yomweyo imene mapepala abwezedwa, malikisi asanalowetsedwe mu kompyuta ndi kusindikizidwa pa lipoti, pakuti pambuyo pake kusintha kumafuna masiginecha a anthu angapo. Perekani masiku atatu kapena anayi a sukulu, kenako kumbutsani kamodzi mwaulemu. Mukapanda kuyankhidwa, kapena yankho likangokhala lakuti "memo ikutero" popanda kuonetsa njira, pemphani kuonana ndi mkulu wa phunzirolo pasukulupo, amene ana amamutchula HOD, ndipo muwadziwitse aphunzitsiwo kuti mukutero. Kwa ahedi n'komalizira. Kulumpha masitepe kumakwiyitsa anthu amene mudzawafunebe chaka chonse.

Kwa mtsikana uja sizinafike kutali. Patapita masiku awiri aphunzitsi ake analowa m'kalasi, analemba 460 ÷ 1,15 pabolodi, n'kuitanitsa mapepala onse kuti achongenso funso 2. Anapeza kuti pepalalo linachokera ku funso lakale limene mawu ake anasinthidwa. Dziwani kuti kuchonganso kotere kumadula mbali zonse: amene analemba 69 akhoza kutaya malikisi amene anali atapatsidwa. Muuzeni mwana wanu asakadzitame kwa anzake.

8. Mayeso a matiriki ali ndi njira yawo

Zonse ndanenazi ndi za mayeso a pasukulu. Pa mayeso omaliza a giredi 12, mphunzitsi wa mwana wanu sangasinthe kanthu payekha. Memo ya mayeso amenewa imakambidwa ndi akuluakulu ochonga ntchito yochonga isanayambe, mayankho ena ovomerezeka amawonjezedwa pamenepo, ndipo bungwe la Umalusi limayang'anira. Choncho mwana akatuluka m'chipinda cha mayeso akukhulupirira kuti funso linali ndi vuto, auze mphunzitsi wa phunzirolo tsiku lomwelo, kuti sukulu itumize nkhaniyo ku ofesi ya dera nthawi ikadalipo.

Zotsatira zikatuluka mu Januwale, mukhoza kupempha kuti awonkhetsenso malikisi ndi kuona ngati funso lililonse linachongedwa, kapena kuti pepala lonse lichongedwenso. Kawirikawiri zonsezi n'zolipira, ndipo kuona pepala lenilenilo kumaloledwa pambuyo pa chimodzi mwa ziwirizi. Koma wochonganso amagwiritsa ntchito memo yomwe ija, ndiye njira imeneyi imakonza kulakwitsa kwa wochonga, osati kwa memo. Masiku opemphera amakhala ochepa kwambiri, ndipo ambiri a ife Januwale amatipeza tikadali kumudzi kapena pamzere ku Beitbridge. Ngati mukudziwa kuti mudzachedwa kubwerera, siyani munthu kuno woti akafunse tsiku lotsekera kusukulu zotsatira zikangotuluka, ndipo mumusiyire nambala ya mayeso ya mwana pamodzi ndi ndalama yolipirira.